Ndani adzakubwezereni dola yanu tsiku limene aliyense akuthamangira pakhomo?

Loweruka pa 11 Marichi 2023, ndalama ya kiripito yotchedwa USDC, imene inapangidwa kuti izikhala yofanana ndi dola imodzi ya ku America nthawi zonse, inkagulitsidwa pa masenti pafupifupi 88. Panalibe mbava imene inathyola makompyuta. Pulogalamu yoyendetsa ndalamayi inkagwira ntchito monga mwa masiku onse, ndipo aliyense ankatha kutumiza USDC kwa mnzake popanda vuto. Chimene chinavuta chinali kunja kwa intaneti. Dzulo lake, Lachisanu, boma linali litatseka Silicon Valley Bank ku California, ndipo kampani ya Circle, imene imatulutsa USDC, inalengeza kuti madola 3.3 biliyoni mwa madola pafupifupi 40 biliyoni amene inkasunga anali m'banki imeneyo.

Ndayambira pa tsiku limeneli chifukwa likuonetsa zimene ndikufuna kunena pa ndalama zotchedwa masitebulokoini. Dzinali limatanthauza ndalama ya kiripito ya mtengo wokhazikika, ndipo amene amalimva koyamba amaganiza kuti kukhazikikako kunalembedwa m'kati mwa pulogalamu, ngati kuti makina analamulidwa kuti mtengo usasunthe. Palibe pulogalamu imene ingalamule mtengo. Mtengo umapangidwa ndi ogula ndi ogulitsa pamsika. Chimene chimagwira sitebulokoini kuti isagwe ndi khomo lowombolera, kutanthauza malo amene munthu angapereke tokeni yake, kapena kuti ndalama yake ya kiripitoyo, n'kulandira chinthu cha mtengo wa dola imodzi. Ndiye funso limene ine ndimafunsa pa sitebulokoini iliyonse ndi ili: tsiku limene anthu onse afuna kutuluka nthawi imodzi, ndani adzaime pakhomopo, ndipo adzagulitsa chiyani kuti awalipire?

Tiyambe ndi chifukwa chake ndalamazi zinabadwa. Bitcoin inayamba mu 2009, ndipo inabweretsa njira yotumizirana ndalama pa kaundula wa onse wotchedwa bulokocheni, popanda kudutsira kubanki. Koma mtengo wake umakwera ndi kutsika ngati mafunde. Munthu sangalembe mgwirizano wa malipiro a mwezi wamawa ndi ndalama imene ingataye gawo limodzi mwa magawo asanu sabata isanathe. Amalonda a kiripito nawonso ankasowa pobisala msika ukawinduka, chifukwa mabanki ambiri sankafuna kugwira ntchito ndi misika yawo. Mu 2014 kunabwera Tether ndi tokeni yake ya USDT, ndipo lonjezo lake linali losavuta kumva: tokeni imodzi, dola imodzi. USDC inatsatira mu 2018.

Mtundu woyambawu ndi wofanana ndi risiti. Mwapereka dola kwa kampani, kampaniyo yaisunga, n'kukupatsani tokeni pa bulokocheni. Mukabweza tokeniyo, kampani imaifafaniza n'kukupatsani dola. Koma anthu ambiri amene ali ndi USDT kapena USDC sanapitepo ku kampani. Anagula kwa anzawo pamsika. Nanga mtengo wa pamsikawo umatsatira bwanji dola?

Umatsatira chifukwa pali amalonda akuluakulu amene amadyera pa kusiyana kwa mitengo. Tinene kuti anthu ambiri akugulitsa USDT ndipo mtengo watsika kufika pa masenti 99. Wamalonda amene ali ndi akaunti ku Tether amagula matokeni 1,000,000 pa madola 990,000. Amapita nawo ku kampani, imene imadula 0.1 peresenti, n'kulandira madola 999,000. Wapindula madola 9,000 popanda kubetcha pa chilichonse. Kugula kwakeko ndi kwa anzake ochita chimodzimodzi n'kumene kumakankhira mtengo m'mwamba mpaka phindulo litatha. Mtengo ukapitirira dola, amachita mosemphanitsa: amapereka madola ku kampani, kulandira matokeni atsopano n'kuwagulitsa pamsika.

Onani kuti khomo limeneli si la aliyense. Tether salola kuwombola ndalama zosakwana madola 100,000, ndipo wowombolayo ayenera kukhala woti kampani inamufufuza n'kumuvomereza. Circle nayonso imachita malonda amenewa ndi makampani. Munthu wamba amene ali ndi matokeni 200 mu waleti yake, chikwama chosungiramo kiripito, alibe pokagogoda. Amadalira kuti amalonda akuluakulu aja apitirize kukhulupirira kuti khomo ndi lotsegula. Akangokayikira, amasiya kugula, ndipo palibenso chogwira mtengo.

Tibwerere ku Loweruka lija, tiwerengere limodzi. Madola 3.3 biliyoni pa 40 biliyoni ndi pafupifupi 8 peresenti. Ngakhale ndalama zonse za ku Silicon Valley Bank zikanatayika mpaka senti yomaliza, tokeni iliyonse ikanakhalabe ndi masenti 92 kumbuyo kwake. Komatu msika unatsika kupitirira pamenepo. Chifukwa chake n'chakuti kunali kumapeto kwa sabata. Bulokocheni sigona, koma mabanki amatseka Loweruka ndi Lamlungu, choncho panalibe njira yotulutsira madola enieni. Msika wa kiripito wa Coinbase unaimitsa kusintha USDC kukhala madola mpaka Lolemba. Wamalonda wogula pa masenti 90 sakanatha kuwombola tsiku lomwelo. Akanayenera kudikira masiku awiri osadziwa kuti kucha bwanji. Palinso mantha ena amene ali m'mpikisano uliwonse wothamangira kubanki: ngati kampani ilipira dola yathunthu kwa oyamba kufika, chibowo chonse chimatsalira omaliza. Ndiye aliyense amafuna kukhala woyamba.

Chimene chinapulumutsa USDC ndi boma la America. Lamlungu pa 12 Marichi akuluakulu a zachuma analengeza kuti onse osunga ndalama ku bankiyo adzalandira ndalama zawo zonse, ngakhale zopitirira malire a inshulansi a madola 250,000. Lolemba khomo linatseguka ndipo mtengo unabwerera pa dola. Ndalama imene inatamandidwa kuti sidalira mabanki inadzuka chifukwa boma linaimirira banki. Ine sindiona chochititsa manyazi pamenepa, koma ndimafuna kuti ogwiritsa ntchito azichidziwa, chifukwa nthawi ina boma likhoza kusankha mosiyana.

Circle inavulala ikunena zoona. Nkhani ya Tether ndi ina, ndipo ikutiphunzitsa za funso lachiwiri, loti m'nkhokwemo mulidi chiyani. Mu Okutobala 2021 bungwe loyang'anira misika ku America la CFTC linalipiritsa Tether madola 41 miliyoni. Linapeza kuti pa miyezi 26 imene linafufuza, pakati pa 2016 ndi 2018, kampaniyo inali ndi ndalama zokwanira kuimirira matokeni onse pa masiku 27.6 peresenti okha. Mu Febuluwale chaka chomwecho, Tether ndi msika wa Bitfinex, amene eni ake ndi amodzi, anagwirizana ndi ofesi ya loya wamkulu wa boma la New York kulipira madola 18.5 miliyoni. Mwa zimene ofesiyo inapeza, chimodzi sindichiiwala. Pa 1 Novembala 2018 Tether inaonetsa kalata yochokera kubanki yake yosonyeza kuti ndalama zilipo zokwanira. Tsiku lotsatira inayamba kusamutsira ndalama ku Bitfinex, imene inali pa mavuto.

Pamenepa m'pamene pali kusiyana kwa kalata yotsimikizira ndi oditi yathunthu. Kalata yotsimikizira ili ngati chithunzi cha tsiku limodzi: wowerengera ndalama amaona kuti pa deti lakuti, nthawi yakuti, mu akaunti munali zakuti. Sanena kuti ndalamazo zinalowa liti, kaya n'zobwereka, kaya zituluka mawa. Oditi imafufuza mabuku a chaka chonse, ngongole zonse ndi kayendetsedwe ka kampani. Mukamawerenga lipoti la sitebulokoini, yambani mwaona kuti ndi liti mwa awiriwa. Kenako onani zimene zasungidwa. Ndalama zenizeni ndi zikalata za ngongole ya boma la America za miyezi yochepa zimagulitsika msanga popanda kuluza. Ngongole zoperekedwa kwa makampani, Bitcoin kapena golide zikhoza kukhala ndi mtengo wabwino lero, koma tsiku lothamangira pakhomo ndi tsiku lomwelo limene zinthu zotere zimatsika mtengo.

Chilungamo chimafuna kuti ndinenenso izi: mu Meyi 2022, msika wonse uli m'chipwirikiti, USDT inatsika kufika pa masenti pafupifupi 95, anthu anawombola madola mabiliyoni angapo m'masiku ochepa, ndipo Tether inalipira. Mtengo unabwerera. Khomo linayesedwa ndipo linagwira.

Anthu ena a kiripito sanakhutire ndi zodalira kampani ndi banki, ndipo anafuna sitebulokoini imene nkhokwe yake aliyense angaione pa bulokocheni. Umu ndi mmene mtundu wachiwiri, DAI, unabadwira mu Disembala 2017, pansi pa gulu lotchedwa MakerDAO. Kuno kulibe dola yosungidwa. DAI imabadwa ngati ngongole ya chikole, ndipo chikolecho ndi kiripito, poyamba ETH yokha, imene ndi ndalama ya bulokocheni ya Ethereum. Popeza ETH imasinthasintha mtengo, lamulo linali lakuti chikole chizikhala 150 peresenti ya ngongole kapena kuposa.

Tiyerekeze ndi manambala osavuta. Mayi wina ali ndi ETH 10, iliyonse pa madola 300, zonse pamodzi madola 3,000. Akazitsekera m'pulogalamu, angathe kutenga DAI yosapitirira 2,000. Iye ndi wochenjera, watenga 1,500 yokha, choncho chikole chake chili pa 200 peresenti. Malire ake ali pamene ETH 10 zija zifika pa madola 2,250, kutanthauza madola 225 iliyonse. ETH ikatsika kufika pa 220, pulogalamu sidikira kuti amve kapena adandaule. Imaika chikolecho pa okushoni, n'kuwonjezera chindapusa cha 13 peresenti, chimene ndi madola 195. Ofunika kupezeka tsopano ndi 1,695. Pa mtengo wa 220, zigulitsidwa ETH pafupifupi 7.7, ndipo mayiyo abwezeredwa 2.3 zotsala, kuphatikiza DAI 1,500 imene anatenga kale. DAI imene ogula alipira pa okushoni imafafanizidwa. Potero DAI iliyonse yotsala pamsika imakhalabe ndi chikole choposa dola kumbuyo kwake.

Khomo lowombolera pano ndi la obwerekawo. DAI ikatsika kufika pa masenti 97, amene ali ndi ngongole amaigula motchipa n'kubweza ngongole yawo, chifukwa pulogalamu imawerengera DAI iliyonse ngati dola yathunthu. Kugulako kumakweza mtengo. Oyendetsa dongosololi amathanso kukweza chiwongoladzanja cha ngongole kuti anthu abweze msanga ndipo DAI ichepe pamsika.

Ndimalemekeza kapangidwe kameneka, chifukwa kamavomereza poyera kuti chikole chake n'chosadalirika, ndiye kamatenga chochuluka. Koma kali ndi mfundo zitatu zimene ziyenera kugwira nthawi imodzi: mtengo wa ETH uzifika m'pulogalamu pa nthawi yake, ogula azipezeka pa okushoni, ndipo msewu wa bulokocheni usadzaze. Pa 12 Marichi 2020, mantha a mliri wa korona atagwira misika yonse, ETH inagwa ndi maperesenti oposa 40 tsiku limodzi. Anthu anadzaza Ethereum, ndalama yolipirira kutumiza inakwera kwambiri, mitengo inkafika mochedwa, ndipo mapulogalamu a ogula ambiri analephera kulowetsa mitengo yawo pa okushoni. Ochepa amene anakwanitsa anaona kuti alibe wopikisana naye, ndipo anaika mtengo wa ziro. ETH ya madola pafupifupi 8 miliyoni inapita ulele. Eni chikole sanabwezeredwe kanthu, ndipo dongosololi linatsala ndi chibowo cha madola mamiliyoni angapo, chimene linatseka popanga tokeni zake za MKR zatsopano n'kuzigulitsa.

Chodabwitsa n'chakuti masiku amenewo DAI inakwera kupitirira dola, chifukwa obwereka onse ankailimbirana kuti apulumutse chikole chawo. Kukwera nakonso ndi kulephera, popeza wobwereka amayenera kubweza ndi ndalama yodula kuposa imene anatenga. Pofuna kuthana ndi zimenezi, MakerDAO inayamba kulandira USDC ngati chikole, ndipo kumapeto kwa 2020 inatsegula njira yosinthira USDC imodzi ndi DAI imodzi mwachindunji. Mtengo unakhazikika bwino kuposa kale. Koma Loweruka lija la 2023, USDC itagwa, DAI inagwa nayo limodzi kufika pa masenti pafupifupi 90. Inathawa banki n'kukailowera pakhomo la kuseri.

Tsopano tifike pa mtundu wachitatu, umene ine ndimati suyenera n'komwe kutchedwa wokhazikika. Chikole chochuluka n'chodula: kuti pakhale dola imodzi, pamafunika kutsekera dola ndi theka. Ena anaganiza kuti angathe kuchotseratu chikole, n'kusiya masamu okha kuti azigwira mtengo. Chitsanzo chachikulu ndi TerraUSD, yodziwika kuti UST, ya kampani ya Terraform Labs yotsogozedwa ndi Do Kwon.

UST inali ndi m'bale wake, tokeni ya LUNA, imene mtengo wake unkayenda momasuka. Khomo lake linali lotere: mukapereka UST imodzi, pulogalamu inkaifafaniza n'kukupangirani LUNA yatsopano ya mtengo wa dola imodzi. Ngati UST yatsika kufika pa masenti 98, mumaigula, kuisintha n'kupeza LUNA ya dola, kuigulitsa, n'kudya masenti awiri. Papepala zikufanana ndi zimene amalonda a USDT amachita. Kusiyana kwake kuli pa chimene mwalandira. Ku Tether mumalandira dola imene inachokera kunja kwa dongosolo. Ku Terra munkalandira tokeni imene yangopangidwa pompo, yomwe mtengo wake unkachokera pa chikhulupiriro chakuti UST ipitiriza kukula. UST inkatsamira pa LUNA, LUNA n'kutsamira pa UST.

Nanga n'chiyani chinakokera anthu? Pulogalamu yosungitsa ndalama yotchedwa Anchor inkapereka chiwongoladzanja cha pafupifupi 20 peresenti pachaka kwa osunga UST. Obwereka sankalipira zokwanira kubweza chiwongoladzanja chimenecho, ndipo thumba lothandizira linkachita kuthiridwa ndalama kuti lisaume. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pofika kumayambiriro kwa Meyi 2022, UST inali itafika pa madola pafupifupi 18 biliyoni, ndipo yoposa theka inali mu Anchor. Anthu amenewo sankafuna UST kuti agulire kanthu. Ankafuna 20 peresentiyo basi.

Cha pa 7 Meyi ndalama zikuluzikulu zinayamba kutuluka, ndipo UST inatsika pang'ono. Tsatirani masamu a khomo lija. LUNA ili pa madola 80, wowombola UST 80 amalandira LUNA imodzi. Amaigulitsa nthawi yomweyo, chifukwa chimene akufuna ndi kutuluka. Anthu zikwizikwi akachita zomwezo, LUNA imatsika. Ikafika pa dola imodzi, UST 80 zomwezo zimabala LUNA 80. Ikafika pa senti imodzi, zimabala LUNA 8,000. Wotuluka aliyense amachulukitsa LUNA, kuchulukako kumagwetsa mtengo, kugwako kumachititsa kuti wotsatira apangiridwe yochuluka kuposa. Pamene mtengo wa LUNA yonse pamodzi unatsika kuposa UST imene inali kunja, aliyense wodziwa kuwerengera anaona kuti omaliza sadzapeza kanthu. LUNA inali mamiliyoni pafupifupi 350 chiyambi cha mweziwo. Sabata itatha inali yoposa 6 thiriliyoni, ndipo mtengo wake, umene mu Epulo unapitirira madola 100, sunkakwananso senti.

Eni ake ankadziwa kuti masamu okha sangakwanire, chifukwa anali atasonkhanitsa Bitcoin zoposa 80,000 kudzera m'bungwe la Luna Foundation Guard kuti zidzateteze mtengo. Zinatha pafupifupi zonse m'masiku ochepa, ndipo zinali zochepa poyerekeza ndi UST yofuna kutuluka. Chuma cha madola pafupifupi 40 biliyoni chinasungunuka. Do Kwon anamangidwa ku Montenegro mu Marichi 2023, ndipo mu 2025 anavomera milandu ya chinyengo ku khothi la ku New York. Chimene chimandipweteka pa nkhani ya Terra ndi anthu amene anavulala. Wogula LUNA ankadziwa kuti akubetcha. Koma wosunga UST anauzidwa kuti wasunga dola, ndipo ambiri anaikamo ndalama zimene sankafuna kubetcha nazo n'komwe.

Wina anganditsutse kuti: nanga ndalama za maboma si chikhulupiriro chomwecho? Dola yapepala ilibe golide kumbuyo kwake, ndiye n'chifukwa chiyani UST ikhale yolakwa? Ndi funso labwino, koma pali kusiyana. Boma limafuna msonkho, ndipo limaulandira m'ndalama yake yokha. Makhothi amalamula kuti ngongole zilipidwe m'ndalama yomweyo. Anthu amaifuna ngakhale tsiku limene sakuikonda. Komanso dola silonjeza kuti idzasinthidwa ndi chinthu china pa mtengo wokhazikika. UST inalonjeza. Inafanana ndi dziko limene lamangirira ndalama yake ku dola lilibe madola m'nkhokwe, ndipo mbiri ya zachuma yadzaza ndi mayiko amene anayesa zimenezo n'kugonja.

Winanso anganene kuti ngati mitundu yonse itatu inagwapo, ndiye yonse ndi chimodzimodzi. Apanso ndikukana. USDC inagwa ndi masenti 12 n'kudzuka m'masiku awiri kapena atatu, chifukwa pansi pake panali chuma chenicheni chimene munthu akanatha kuwerengera. DAI inabooka n'kusokedwa. UST inagwa osadzukanso, chifukwa pansi panalibe pofikira. Kugwa kwa sitebulokoini yokhala ndi nkhokwe kumakopa ogula, amene amaona kuti akugula dola motchipa. Kugwa kwa yopanda nkhokwe kumathamangitsa ogula.

Kwabweranso njira ina yatsopano, ya USDe ya kampani ya Ethena, imene inayamba kufala mu 2024. Imasunga kiripito monga ETH, n'kubetcha pa misika ina kuti kiripito yomweyo itsika, pa mlingo wofanana. ETH ikatsika, kubetchako kumapindula. Ikakwera, chosungidwacho chimapindula. Zonse pamodzi zimakhala pa dola. Nzeru yake ndi yomveka ndipo chikole chilipodi. Koma funso langa lija likafunsidwa, yankho limaloza ku misika imene kubetchako kwaikidwa: kodi idzakhala yotsegula ndi yokhoza kulipira tsiku la chipwirikiti? Palinso ndalama imene obetcha mbali ziwiri amalipirana nthawi ndi nthawi. Msika ukamakwera, ndalamayo imalowa ku Ethena. Ukakhala wozizira kwa nthawi yaitali, imatuluka. Chinthu chotere ndi bizinesi ya pamsika wa zachuma yovala dzina la dola, ndipo woigula ayenera kuiona motero.

Opanga malamulo afika pa maganizo ofanana ndi amenewa, ngakhale mochedwa. Ku Ulaya, malamulo a MiCA okhudza masitebulokoini anayamba kugwira ntchito pa 30 Juni 2024, ndipo amapatsa mwini tokeni ufulu woiwombola pa mtengo wake wathunthu nthawi iliyonse. Ku America, lamulo lotchedwa GENIUS Act linasainidwa pa 18 Julayi 2025. Limafuna kuti tokeni iliyonse ikhale ndi dola yake m'nkhokwe, m'ndalama zenizeni kapena m'zikalata za ngongole ya boma zosapitirira masiku 93 ndi zina zofanana nazo, komanso kuti kampani iziulula mwezi uliwonse zimene yasunga. Malamulo onse awiriwa amaletsa kampani yotulutsa sitebulokoini kupereka chiwongoladzanja kwa osunga tokeni.

Ambiri amadandaula ndi chiletso chomalizachi, ndipo ndikumvetsa. Kampani imatenga dola yanu, kugula zikalata za boma, n'kudya chiwongoladzanja inu osalandirako kanthu. Umo ndi mmene Tether ndi Circle amapezera phindu lawo. Mabanki nawo anali ndi chifukwa chawo chofunira chiletsochi, poopa kuti anthu angasamutse ndalama. Komabe ine ndili kumbali ya chiletsocho. Makampani akayamba kupikisana pa chiwongoladzanja, aliyense amakakamizika kuika nkhokwe yake pamalo opindulitsa kwambiri, ndipo malo opindulitsa kwambiri ndi amene amavuta kutulukamo msanga. Mukaona sitebulokoini ikubala phindu, dziwani kuti pena pake dola yanu yabwerekedwa kwa wina kapena yabetchedwa, ndipo muyenera kudziwa kuti kwa ndani.

Pali mtengo wina umene mtundu wodalirika kwambiriwu umalipiritsa, ndipo sulembedwa m'manambala. Kampani imene ili ndi khomo ili ndi loko. M'pulogalamu za USDT ndi USDC muli mphamvu yoti kampani iumitse matokeni a adiresi iliyonse, ngakhale ali mu waleti imene kiyi yake muli nayo nokha. Mu Ogasiti 2022, boma la America litaika chiletso pa Tornado Cash, pulogalamu yobisa kumene ndalama za kiripito zachokera, Circle inaumitsa USDC ya madola pafupifupi 75,000 m'maadiresi okhudzidwa. Mphamvu yomweyo yathandizapo kugwira ndalama zobedwa, ndipo kampani imene imasunga mabiliyoni m'mabanki ndi m'zikalata za boma singakane lamulo la boma limenelo. DAI yoyambirira inalibe loko wotere, ndipo n'chifukwa chake ena anapirira kutsekera dola ndi theka kuti apeze dola imodzi. Koma gawo lililonse la nkhokwe yake limene lili mu USDC kapena m'zikalata za boma la America likhoza kuumitsidwa ndi anthu omwewo.